Shuga wadzaza kabati, mankhwala atha

Nditafika kwathu ku Zomba kumapeto kwa mwezi wina wa Juni, ndinatsegula kabati ya amayi kuti ndiikemo zimene ndinanyamula, koma ndinapeza mulibe malo. Munali mapaketi asanu ndi limodzi a shuga, ine m'chikwama ndili ndi ena atatu. Pansi pake panali botolo la mafuta ophikira atalipendeketsa kuti madontho otsalawo asonkhane pakona. Pawindo panali kapepala ka mankhwala a kuthamanga kwa magazi, kopanda ndi mbulu umodzi womwe.

"Amayi, mankhwalawa atha liti?"

"Lachisanu lapitali. Komatu ndili bwinobwino, mwanangu, usade nkhawa."

Tsikulo linali Lachitatu. Ana anayi amoyo, tonse ogwira ntchito, tonse okonda mayi wathu, koma mayiyo anali atatha masiku asanu osamwa mankhwala. Achimwene ali ku Joni, mng'ono wanga ali ku Mzuzu, chitsiriza wathu ali ku Blantyre, ine ndili ku Lilongwe. Pakhomo amayi amakhala ndi mdzukulu wawo, mwana wa malemu achemwali athu, pamodzi ndi tiana tiwiri ta achibale. Madzulo ndinakhala pakhonde n'kuyamba kubwerera m'mbuyo m'gulupu yathu ya pa WhatsApp, ndipo zonse ndinazipeza. Mdzukuluyo analemba kuti shuga watha, atatu tinawerenga, aliyense n'kugula payekha osauza mnzake. Za mankhwala analembanso ndithu, koma tsiku lomwelo kunagwa maliro kwa aneba, ndiye uthengawo unakwiririka ndi mauthenga opepesa, zithunzi ndi mavesi. Amene anauona anaganiza kuti wina wachitapo kale kanthu.

Gulupu ya macheza ili ngati mtsinje: chimene mwaponyamo m'mawa, pofika madzulo chapita kumunsi. Banja lomwazikana limasowa chinthu chokhala ngati khoma la m'khitchini, pamene pepala ukalikhoma limakhala pomwepo, aliyense wolowa n'kuliona mmene lilili lero. Ntchito ya mapulogalamu a pa foni a mndandanda wogawana ndi imeneyi basi. Pamakhala tsamba limodzi, losungidwa pa intaneti, lolumikizidwa ku mafoni a anthu onse amene mwawaitana. Wina akalemba "mchere" ali ku Zomba, mawuwo amaoneka ku Mzuzu ndi ku Joni. Wina akachonga, amachongeka konsekonse.

N'zoona kuti WhatsApp imalola kukhoma uthenga pamwamba pa gulupu mpaka masiku 30, ndipo ife tinayamba ndi njira imeneyo. Vuto lake n'lakuti uthenga ukatumizidwa, amene angaukonze ndi mwiniwake yekha, ndiponso m'mphindi 15 zoyambirira zokha. Ndiye aliyense akagula kanthu amakopera mndandanda wonse, kufufuta mzere umodzi n'kutumizanso. Pakutha kwa sabata mumakhala ndi mindandanda isanu yosiyana, osadziwa woona ndi uti.

Kusankha pulogalamu

Mukalowa pa Play Store mudzapeza mapulogalamu otere ambirimbiri, ndipo apa m'pofunika kukumbukira kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pali Bring!, yochokera ku Switzerland, imene imaonetsa katundu pa tizithunzi. Pali AnyList, OurGroceries ndi Listonic, zonse za mndandanda wa zogula. Pa ntchito za pakhomo pali Tody ndi Sweepy, zimene zimagawa nyumba m'zipinda n'kumakumbutsa kuti kubafa kwatha masiku angati osakolopa. Zambiri mwa izi anazipangira anthu ogona denga limodzi ndiponso ogula m'masitolo akuluakulu a kunja. Usipa, bonya, makala kapena ndalama ya kuchigayo mudzachita kulemba nokha, ndipo zina mwa zinthu zabwino za mapulogalamuwa zimafuna kulipira ndi khadi mwezi ndi mwezi.

Ife tinakhazikika pa Google Keep, pa zifukwa zosavuta. Ndi yaulere, ndi yopepuka, ndipo pafupifupi aliyense amene ali ndi foni ya Android amakhala kale ndi adiresi ya Gmail, ngakhale ambiri anaiwala kuti ali nayo chifukwa anawatsegulira ndi wogulitsa foni. Musanayambe china chilichonse, aliyense apeze adiresi yakeyo ndi pasiwedi yake, azilembe pamalo osungika. Foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi, mndandanda sutayika, koma wopanda pasiwedi sangaufikirenso.

Kayambidwe kake n'kachidule. Munthu mmodzi amatsegula Keep n'kuyamba tsamba la mtundu wa List, lija lokhala ndi timabokosi tochonga. Amalipatsa mutu, mwachitsanzo "Kwa amayi, Julayi". Kenako amadina timadontho titatu tili pakona, n'kusankha Collaborator, n'kulemba maadiresi a Gmail a abale ake mmodzimmodzi, n'kudina Save. Tsambalo limatulukira mu Keep ya aliyense, ndipo onse angathe kulemba, kufufuta ndi kuchonga. Mzere ukachongedwa umatsikira pansi utakhwatchidwa, osati kusowa. Mawu a pa sikirini amasiyanako pang'ono malinga ndi foni, koma njira ndi yomweyo.

Mwini tsamba mumusankhe mosamala, chifukwa iye akalifufuta limachoka kwa onse. Limakakhala mu Trash masiku asanu ndi awiri, pamene angathe kulibweza, kenako lapitiratu. Kwathu tinasankha mng'ono wanga wa ku Mzuzu, amene sasinthasintha mafoni ndipo ana ake sagwira foni yake.

Wochonga ndani?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ife tinaphunzira ndi chimanga chachikasu m'munda.

Mu Disembala wa chaka choyambacho tinalemba kuti pakufunika thumba limodzi la feteleza wobereketsa. Achimwene anati ndi zawo. Atalandira malipiro anatumiza ndalama, ndipo ali pomwepo anachonga mzerewo. Kwa iwo ntchito inali yatha, ndipo sanalakwe kuganiza choncho. Ife ena titaona kuti feteleza wakhwatchidwa, tinachotsako mtima. Koma kumudzi ndalamayo inafika Loweruka, mdzukulu anakaitapa Lolemba, ndipo Lachiwiri kamwana kena kanatentha thupi usiku. Amayi anatapako ndalama ya kabaza ndi ya zofunika kuchipatala, monga mayi aliyense akanachitira. Yotsala sinakwanenso thumba. Amayi sananene, poopa kuoneka ngati adya ndalama ya mwana wawo. Mdzukulu naye anaopa kuneneza agogo ake. Feteleza wobereketsa amafunika patatha masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera, koma ife tinadzazindikira mu Januwale, masamba a m'munsi atayamba kale kuchita chikasu.

Palibe ananama. Chinavuta n'chakuti kabokosi kamodzi tinkakasenzetsa matanthauzo awiri. Kwa wa m'tauni, kuchonga kunkatanthauza kuti "ndatumiza". Kwa wowerenga, kunkatanthauza kuti "chilipo". Pakati pa mawu awiriwa pali ulendo wautali: ndalama ichoke ku Joni kudzera ku Mukuru kapena njira ina, kapena ichoke ku Lilongwe pa Airtel Money kapena Mpamba, ejenti akhale ndi ndalama zokwanira tsiku limenelo, katunduyo apezeke pamsika, mtengo ukhale usanakwere, wina amunyamule mpaka pakhomo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Kuyambira pamenepo tinapangana lamulo limodzi lomwe sitiliphwanya: amachonga ndi amene waona chinthucho ndi maso ake chili m'nyumba. Wotumiza ndalama sachonga. Iye amangowonjezera mawu pamzere, kuti watumiza zingati ndiponso liti. Choncho mzere uliwonse umadutsa masitepe atatu. Umayamba uli wopanda mwini, kenako wina amaikapo dzina lake, ndipo pomaliza wa pakhomo amauchonga. Tsamba lathu pakati pa mwezi limaoneka chonchi:

```
Mafuta ophikira, malita 2 - MZUZU - ndatumiza pa 3
Sopo wochapira, mitanda 4 - LILONGWE - ndibwera naye pa 12
Mankhwala a agogo, atha pa 5 - BLANTYRE
Makala, thumba 1 - ?
```

Timalemba mizinda m'malo mwa mayina chifukwa n'zachidule ndipo sizisokoneza. Kufunika kwa dzinali n'kwakuti Keep siika chizindikiro pa mzere uliwonse chosonyeza amene waulemba kapena kuuchonga. Mukapanda kudzilemba nokha, mudzabwereranso ku nkhani ya shuga ija. Chizindikiro chofunsacho ndiye chofunika kuposa zonse. Munthu akatsegula tsamba, maso ake amathamangira pamene pali "?" chifukwa ndi pamene palibe amene wasenza.

Muonenso kuti mzere uliwonse uli ndi muyezo. "Mafuta" paokha sanena kanthu: wina adzatumiza ya kabotolo kakang'ono n'kuganiza kuti wathana nazo. Mtengo timaulemba pokhapokha pamodzi ndi tsiku limene wa pakhomo anaufunsa pamsika. Amene anakhala m'Malawi kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa kuti mtengo wa sabata yatha ungathe kukhala mbiri yakale. Achimwene ku Joni ndi amene izi zimawathandiza kwambiri, poti m'mutu mwawo mumakhalabe mitengo ya chaka chimene anachoka. Ndipo wotumiza aziwonjezerapo yotapira, kuti ndalama ya sopo isaperewere chifukwa cha chimene chadulidwa kwa ejenti.

Nkhani ya bandulo

Pali msampha wina umene opanga mapulogalamuwa sangauganizire, koma kuno kwathu ndi wa tsiku ndi tsiku. Anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, kapena ya masamba a mchezo, chifukwa ndi yotsika mtengo. Bandulo yotere siyendetsa Keep, kapena pulogalamu ina iliyonse ya mndandanda. Chosokoneza n'chakuti pulogalamuyo imatseguka bwinobwino popanda intaneti. Munthu amalemba, amachonga, zonse zimaoneka zili m'malo, koma zimakhala m'foni mwake mokha kudikira tsiku limene idzapeze data yeniyeni.

Mdzukulu wathu anachita zimenezi kwa masiku asanu ndi anayi. Iye ankachonga mokhulupirika, ife tikuona tsamba losasintha, mpaka chitsiriza wathu anamuimbira mokalipa.

"Iwe, sopo uja sunagulebe mpaka lero?"

"Amalume, ndinagula kalekale, ndinachonganso. Onani bwino."

Onse awiri ankanena zoona, aliyense akuyang'ana foni yake. Mwanayo analira tsiku limenelo, ndipo ine zinandipweteka, chifukwa kulakwa kunali kwathu akuluakulu amene sitinaganize za bandulo yake.

Kudziwa kuti zatero n'kosavuta mukazolowera. Pansi pa tsamba la Keep pamalembedwa mawu akuti Edited ndi nthawi imene linasinthidwa komaliza. Mukaimbirana foni, wina n'kunena kuti kwake palembedwa lero, winayo kwake palembedwa sabata yatha, dziwani kuti foni imodzi yatsalira. Njira ina ndi kulemba mzere woyesera, monga "moni", n'kufunsa mnzanuyo ngati wauona. Ngati data ilipo koma sizikuyendabe, kawirikawiri chimakhala chimodzi mwa ziwiri: Data Saver ndi yoyatsa ndipo ikuletsa pulogalamu kugwira ntchito kuseri, kapena Sync ya akaunti ya Google inazimitsidwa pofuna kusunga batire. Kutsegula pulogalamuyo n'kukokera chala pansi pa tsamba loyamba kumaikakamiza kutenga zatsopano.

Mndandanda wa mawu okhaokha sudya data yambiri. Ife tinagwirizana kuti Lamulungu lililonse masana ndimamugulira mdzukulu kabandulo kakang'ono ka tsiku limodzi koyendetsa chilichonse. Akatha kukonza tsamba, amalijambula pa sikirini n'kuponya chithunzicho m'gulupu. Chithunzi chimenecho ndicho umboni wa sabata, ndipo ngakhale amene alibe data ya Keep amachiona. Timapewanso kuti anthu awiri azikonza mzere umodzi wina ali kopanda netiweki, chifukwa mafoni akadzalumikizana mawu ena amatha kubwerezeka kapena kusokonekera. Wa pakhomo ndiye amalemba zosowa ndi kuchonga. Ife timangowonjezera kumapeto kwa mzere.

"Zonse zilipo"

Amayi ali ndi kafoni ka mabatani ndipo safuna ina. Pa mndandanda salowapo, koma nyumba ndi yawo. Choncho Lamulungu akaweruka kutchalitchi n'kudya nsima, mdzukulu amakhala nawo pamkeka n'kuwawerengera tsamba lonse mokweza, iwo n'kumavomera kapena kukana. Kangapo konse afufutitsa zinthu zimene ife tinaika mwanzeru zathu. Tsiku lina anati mpunga asagule, alipo wina amene anawapatsa a kumpingo, koma pakhale ndalama ya chitenje cha amayi a chigwirizano. Ife m'tauni sitikanazilota.

Komabe makolo athu ambiri sapempha. Ukafunsa pa foni, yankho ndi lakuti zonse zilipo, ngakhale mchere atapempha kwa aneba. Mankhwala a vuto limeneli si kufunsa kwambiri, koma kuwerengera kuti chinthu chimatha masiku angati, kuti chizilowa pa mndandanda chisanathe, popanda wina kutambasula dzanja.

Tengani magetsi. Mita ya ESCOM yolipiriratu imaonetsa mayunitsi otsala. Lamulungu lina mdzukulu analemba 62, Lamulungu lotsatira analemba 41. Ndiye kuti pa sabata apita 21, atatu pa tsiku. Mayunitsi 41 otsalawo afika masiku 13 ndi kanthu. Lamulungu likubweralo padzatsala 20, ndipo sadzafika Lamulungu linalo. Choncho tsiku logula ndi Lamulungu likubweralo, osati kudikira kuti nyumba ichite mdima. Wogulayo amatumiza tokeni ya manambala 20 ija, koma mzere umachongedwa pokhapokha manambalawo alowetsedwa ndipo mita yaonetsa kuti mayunitsi akwera. Kuwerengaku kumaululanso zina. Sabata ina tinaona kuti apita mayunitsi oposa 30, ndipo titafunsa tinapeza kuti makala anatha, akuphikira nyemba pa mbaula ya magetsi. Mzere wa makala unali ndi "?" kwa masiku khumi.

Mankhwala nawo chimodzimodzi. Ngati kuchipatala apereka mibulu 30 ya kumwa umodzi pa tsiku, ndipo ayamba pa 6 Juni, womaliza adzamwa pa 5 Julayi. Pamzere timalemba tsiku lothera, komanso tsiku limene a chipatala analemba m'buku kuti abwerenso, ndipo ndalama ya ulendo iyenera kufika masiku asanu tsikulo lisanakwane. Chimanga kwathu thumba la makilogalamu 50 limatha pafupifupi mwezi, alendo akapanda kuchuluka. Tsiku limene thumba lamasulidwa limalembedwa, ndipo pakatha masabata atatu ndalama ya kuchigayo imakhala yalowa kale pa tsamba. Miyezo imeneyi ndi ya nyumba yathu. Yanu mudzaipeza mukalemba kwa miyezi iwiri.

Ntchito zimene sizigulidwa

Anthu akamva za pulogalamu ya ntchito za pakhomo amaganiza za kusesa ndi kutsuka mbale. Kwa banja lokhala m'mizinda yosiyana, ntchito zake ndi zina: kuperekeza amayi kuchipatala, kulipira bilu ya madzi, kupeza mmisiri woti aone denga mu Okutobala mvula isanayambe, kuthira mankhwala a anankafumbwe m'chimanga mukakolola, kulipira aganyu opalira, kukaonekera kusukulu kwa ana pa tsiku la makolo. Ntchito izi zili ndi tsiku, zili ndi mwini, ndipo zambiri zimabwerabwera.

Apa Keep imaperewera. Ili ndi chikumbutso, koma chikumbutsocho chimalira m'foni ya amene wachitchera yekha, ngakhale tsamba likhale logawana. Ambiri sadziwa zimenezi: amatchera belu la tsiku la kuchipatala n'kumaganiza kuti abale onse alimva. Banja limene ntchito zake zachuluka lingayese Microsoft To Do, yomwenso ndi yaulere koma imafuna akaunti ya Microsoft, monga ya Outlook kapena Hotmail. Mumapanga mndandanda n'kutumiza linki yoitanira abale, ngakhale pa WhatsApp pomwepo. Pa ntchito iliyonse pali Assign to, pamene mumasankha mwini wake. Add due date, pamene mumaika tsiku. Ndi Repeat, yoti ntchitoyo izibwera sabata kapena mwezi uliwonse. Aliyense akatsegula Assigned to me amaona zake zokha.

Chenjezo lake ndi ili: ntchito yobwerezabwereza imabala inzake ya mwezi wotsatira pamene mwaichonga. Mukaiwala kuchonga ya Meyi, imangokhala pomwepo ndi tsiku lofiira, ndipo mukafika mu Juni simupeza yatsopano. Tsamba likadzaza ndi masiku ofiira, anthu amasiya kulitsegula, monga mmene munthu amalambalalira golosale imene ali nayo ngongole. Linki yoitanira ija musaiponye m'gulupu yaikulu ya mudzi kapena ya mpingo, chifukwa aliyense woidina angathe kulowa. Abale akatha kulowa, mwini mndandanda angathe kuitseka.

Ife tinayesa kuyendetsa mapulogalamu awiri nthawi imodzi, koma achimwene, amene amaweruka usiku, anati sangakwanitse. Tinabwerera ku Keep ndi masamba awiri, lina la zogula, lina la ntchito, aliyense n'kumadzitcherera yekha belu la ntchito zake. Pulogalamu yoperewera imene onse asanu amatsegula imaposa yokwana bwino imene amatsegula awiri.

Pali chinthu chimene ndimachinena mosabisa kwa aliyense wondifunsa za nkhaniyi. Mndandanda wa ntchito ungathe kusanduka chikwapu. Mabwana anayi ali m'tauni, aliyense ndi foni m'manja, akulembera mwana mmodzi wa Fomu 3 zoti achite: pita kuchigayo, kafunse mtengo wa simenti, jambula denga, chapa makatani. Kulemba mzere kumatenga masekondi asanu, kuuchita kumadya Loweruka lonse la mwana amene akuyenera kuwerenga. Mwezi wina ndinawerenga tsamba lathu ndipo ndinapeza kuti mwa ntchito 14, khumi ndi imodzi zinali za iye. Ndinachita manyazi. Tinapangana kuti munthu sangalembere mnzake ntchito asanamuimbire n'kumupempha, ndiponso kuti aliyense wa kutali akhale ndi ntchito imene si yotumiza ndalama. Wa ku Blantyre, poti ali pafupi, amabwera pa minibasi kudzaperekeza amayi kuchipatala. Wa ku Mzuzu ndiye amalankhula ndi aphunzitsi. Achimwene amaimbira mmisiri ndi kukambirana naye mtengo. Ntchito zolemetsa monga kunyamula matumba timalipira waganyu, ndipo ndalama yake imalembedwa poyera.

Poyera pomwepo palinso ngozi yake. Tsamba limaonetsa amene watumiza zambiri ndi amene dzina lake silikuoneka mwezi uno. M'bale amene ntchito yamuthera amayamba kuthawa mndandanda, kenako gulupu, kenako mafoni. N'chifukwa chake sitiwonkhetsa ndalama za munthu pa tsambalo, ndipo amene zamuvuta amauza mmodzi wa ife kumbali, mizere yake n'kugawidwa mwakachetechete. Zina siziyenera kulembedwapo n'komwe: nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money ya amayi, dzina la matenda a munthu, ngongole za m'banja. Foni imabwerekedwa, ana amaseweretsa, ndipo tsamba logawana limatseguka pa mafoni asanu.

Kope la pa msomali

Mapulogalamu amafa. Wunderlist, yopangidwa ku Berlin, inali imodzi mwa zotchuka kwambiri pa mindandanda yogawana. Microsoft inaigula mu 2015 ndipo inaitseka mu Meyi 2020, anthu n'kusamukira ku To Do kapena kwina. Kuno kwathu sipafunika n'komwe kuti kampani itseke. Magetsi akazima tsiku lonse foni ya mdzukulu imathima, ndipo mndandanda umathima nawo. Ndiye kukhitchini kwa amayi kuli kope la sukulu lopachikidwa pa msomali ndi chingwe, pensulo ili m'kati. Chinthu chikatha, aliyense wa pakhomo, ngakhale kamwana ka Sitandade 4, amalemba mmenemo nthawi yomweyo. Lamulungu mdzukulu amasamutsira za m'kope pa foni. Amayi amakonda kopelo kuposa foni, chifukwa amatha kuliwerenga okha atavala magalasi, ndipo nthawi zina timapezamo dzanja lawo.

Kumapeto kwa mwezi sitifufuta tsamba lakale. Mwini wake amasankha Make a copy, amasintha mutu kukhala wa mwezi watsopano, amachotsa zochonga ndi mayina, n'kuitananso abale, pakuti kope latsopano silitenga anthu a pa tsamba lakale. Lakalelo amaliika ku Archive. Masamba akalewo ndi amene anatiuza kuti mu Juni ndi Julayi makala amatha msanga chifukwa cha kuzizira kwa ku Zomba, ndipo chaka chino tinalemba matumba awiri mwezi usanayambe.

Mdzukulu wathu alemba mayeso a Fomu 4 chaka chamawa, ndipo tikupemphera kuti apite kukoleji. Akachoka, pakhomo sipadzakhala wochonga. Tayamba kale kukambirana ndi msuweni wathu amene amakhala nyumba yachitatu kuchokera kwa amayi, ndipo Lamulungu lapitali anabwera kudzakhala nawo pamkeka, kope lili pamiyendo, mdzukulu akumuonetsa pamene amadina. Amayi anamuuza kuti ayambe ndi kulemba mchere, chifukwa wotsalawo sufika Lachinayi.